Ndege ikalephereka muli ku Ulaya: mmene ndinapezera chipukutamisozi cha 600 yuro

Ndikulemba ndili ku Jeremani, kwa mwana wanga wamkazi, komwe ndabwera kachiwiri kudzalera zidzukulu. Sabata yatha mayi wina amene timaimba naye kwaya kwathu ku Katoto ananditumizira uthenga wamawu. Achemwali ake anabwera mwezi wapitawo kuchokera ku Dublin, ndipo anafika ku Mzuzu atachedwa ndi tsiku lathunthu chifukwa ndege yawo inathetsedwa. Iye anati, "Amayi, paja inu chaka chatha anakupatsani ndalama. Munachita bwanji?" Ndinayamba kuyankha pa foni, koma nkhaniyo inatalika, n'chifukwa chake ndaikhalira pansi. Ku Mzuzu masiku ano makolo opita kukaona ana kunja tachuluka, ndipo ambiri tikauzidwa kuti pepani timangoyankha kuti zikomo, n'kunyamula zikwama. Koma pepani sapoletsa chilonda, makamaka ngati lamulo likunena kuti pali ndalama yanu.

Za ine zinali chonchi. Ndinayenera kunyamuka ku Frankfurt Lachiwiri usiku, kusintha ndege mumzinda wina wa mu Africa, n'kutera pa bwalo la Kamuzu Lachitatu masana. Ndinali nditalipiriratu chipinda ku Lilongwe ndi basi ya Lachinayi m'mawa yopita ku Mzuzu. Titakhala pakhomo lokwerera kwa maola awiri, pa bolodi panatuluka mawu akuti `Cancelled`. Mwana wanga anali atabwerera kale kwawo, ulendo wa maola atatu pa sitima. Anandipatsa malo pa ndege ya Lachinayi usiku, ndipo ndinafika ku Lilongwe Lachisanu, nditachedwa ndi maola 48.

Yambani mwadziwa ngati lamuloli likukukhudzani

Mayiko a EU ali ndi lamulo loteteza okwera ndege, lomwe pa mafomu ndi m'makalata limalembedwa kuti `EC 261/2004`. Lowezani pamtima nambala imeneyi, kapena ilembeni kuseri kwa tikiti. Lamuloli siliyang'ana pasipoti yanu, komanso siliyang'ana kumene munagula tikiti. Limayang'ana kumene ndege ikunyamukira. Ngati ulendo ukuyambira pa bwalo la m'dziko la EU, limagwira kampani iliyonse, ngakhale ya ku Africa. Ngati ukuyambira kunja kulowera ku Ulaya, limagwira makampani a ku EU okhaokha.

Kwa ife izi zikutanthauza kuti popita ndi pobwera sizifanana. Ndege zimene timakwera pa Lumbadzi, zodzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndi za makampani a mu Africa, choncho imeneyo ikathetsedwa mukadali ku Lilongwe, musawerengere 600 yuro. Pamenepo mumapempha kubwezeredwa ndalama ya tikiti kapena kupatsidwa ndege ina, ndi zimene mwawononga, malinga ndi mfundo za kampaniyo. Koma pobwerera kwathu kuchokera ku Frankfurt, Dublin, Paris kapena Brussels, lamuloli lili kumbali yanu. Ngati ulendo wonse mpaka ku Lilongwe uli pa tikiti imodzi, amauwerengera ngati ulendo umodzi, ngakhale vuto litachitikira pa bwalo losinthira ndege kunja kwa Ulaya. Onyamukira ku Mangalande ali ndi lamulo lawo lofanana nalo, ndipo kumeneko pa ulendo wautali ngati wathuwu ndi mapaundi 520.

Ngongole zitatu

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi ichi: ndege ikathetsedwa, kampani imakhala ndi ngongole zitatu zosiyana kwa inu, ndipo kubweza imodzi sikufufuta zinazo. Ambiri timaluza chifukwa tikalandira imodzi timayesa kuti nkhani yatha.

Ngongole yoyamba ndi yokufikitsani kumene mukupita. Muyenera kusankha nokha pakati pa ndege ina kapena kubwezeredwa ndalama ya tikiti pasanathe masiku 7. Muli kutali ndi kwanu, musathamangire kubwezeredwa ndalama. Pa tikiti yopita ndi kubwera amangobweza gawo limene simunayende, ndipo ndalama imeneyo siingagule tikiti yatsopano ya mawa lake, yomwe imakhala yokwera mtengo kwambiri. Choipa china n'chakuti mukangovomera kubwezeredwa, udindo wawo wokugonekani ndi kukudyetsani umathera pomwepo. Mnyamata wina amene ndinali naye pamzere anadina batani lobweza ndalama pa foni yake poganiza kuti ndicho chipukutamisozi. Atafika pa kauntala anamuuza kuti salinso pa mndandanda wa okwera.

Yachiwiri ndi yokusamalirani pamene mukudikira: chakudya ndi chakumwa, hotelo ngati mukugonera, galimoto yokutengani pakati pa bwalo ndi hotelo, ndi mwayi woimba foni kapena kutumiza uthenga kawiri. Ngongole imeneyi ilipo kaya vuto ndi lawo kaya si lawo. Ngakhale m'chaka cha 2010, pamene phulusa la phiri lophulika la ku Iceland linatseketsa mlengalenga wa ku Ulaya, khoti la EU linadzagamula kuti makampani anayenera kusamalira okwera masiku onsewo.

Yachitatu ndiyo chipukutamisozi chenichenicho. Chimadalira kutalika kwa ulendo: 250 yuro pa ulendo wosapitirira makilomita 1,500, 400 yuro pa wapakati, ndi 600 yuro pa wopitirira makilomita 3,500 wotuluka mu EU. Amayeza kuchokera ponyamukira mpaka kumene tikiti ikuthera. Kuchoka ku Frankfurt kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 7,000, choncho ife nthawi zonse tili pa 600. Ndalamayi ndi ya munthu amene dzina lake lili pa tikiti. Tikiti yanga anagula ndi mkamwini wanga, koma chipukutamisozi chinali changa. Ngati muli awiri, bambo ndi mayi, aliyense ali ndi yake.

Pali malo atatu pamene yachitatuyi imachepa kapena kusowa. Ngati anakudziwitsani kutatsala masiku 14 kapena kuposerapo, palibe chipukutamisozi. Ngati anakudziwitsani mochedwa koma ndege inayo inakufikitsani pafupifupi nthawi yomweyo, palibenso, ndipo ngati munachedwa osapitirira maola 4 akhoza kudula theka n'kukupatsani 300. Kachitatu, ngati chothetsa ulendo chinali chinthu chimene sakanatha kuchiletsa, monga mphepo yamkuntho kapena kutsekedwa kwa bwalo. Pa mfundo yomalizayi ndi pamene pamakhala mkangano, ndipo ndibwererapo.

Mawu amodzi kwa ogula matikiti kudzera kwa ejenti, monga ambiri timachitira. Nthawi zambiri ejenti amalemba imelo yake pa tikiti yanu, ndiye uthenga wothetsa ulendo umafikira iye, inu osadziwa. Khoti la EU linagamula mu 2017 kuti kampani ya ndege ikauza ejenti yekha, wokwera osamva pa nthawi yake, iyenerabe kulipira. Komabe musadalire zimenezo. Pogula, uzani ejenti alembe imelo ndi nambala ya foni yanu kapena ya mwana wanu.

Usiku womwewo pa bwalo

Ndalama yanga ndinaipeza chifukwa cha zimene ndinachita m'maola atatu oyambawo, mwana wanga akundiuza chochita pa foni. Kalata imene ndinalemba pambuyo pake inangosonkhanitsa zimenezo.

Choyamba, jambulani bolodi pamene pakuoneka nambala ya ndege yanu, nthawi, ndi mawu aja othetsa ulendo. Sungani chiphaso chokwerera chakale ndi kapepala ka katundu kamene amamata pa pasipoti. Pa kauntala akamakupatsani chiphaso chatsopano amakonda kutenga chakalecho, ndiye chijambuleni musanapereke.

Kenako funsani chifukwa chake. Ine ndinafunsa mtsikana wa pa kauntala, ndipo anandiuza kuti ndege ili ndi vuto la makina. Ndinamupempha mwaulemu kuti andilembere. Anandisindikizira kapepala kotsimikiza kuti ulendo wathetsedwa, ndipo m'munsi mwake munali mawu akuti `technical reasons`. Panthawiyo sindinadziwe kuti kapepala kameneka ndi kamene kadzandipulumutse. Akakana kulemba, lembani nokha nthawi, nambala ya kauntala ndi zimene mwauzidwa, ndipo jambulani uthenga uliwonse umene walowa pa foni. Musakalipe. Amene ali pa kauntalayo si amene wawononga ndege, ndipo ndi iyeyo amene angakupezereni mpando.

Onaninso viza yanu nthawi yomweyo. Ambiri timasungitsa ulendo wobwerera pa tsiku lomaliza la viza kuti tikhalitse ndi zidzukulu. Ine ndinali ndi masiku atatu otsala, ndiye ndinapulumuka. Ngati tsiku latsopanolo likupitirira viza yanu, pitani kwa apolisi oona za malire pa bwalo pomwepo ndi kapepala kaja, viza isanathe, akuuzeni koyenera kuwonjezera masiku. Musangokhala chete n'kudzafotokoza potuluka.

Tsopano za vocha. Pali mitundu iwiri, ndipo musaisokoneze. Kavocha ka chakudya kapena ka hotelo landirani, ndi gawo la ngongole yachiwiri ija. Koma m'mawa mwake ndinalandira imelo yondipatsa vocha ya 300 yuro yogulira tikiti ina mtsogolo, ndipo pansi pake panali polembedwa `full and final settlement`. Mawu amenewo akutanthauza kuti mukavomera, mwatseka nkhani yonse. Lamulo limati chipukutamisozi chiperekedwe ngati ndalama, ndipo vocha ikhoza kulowa m'malo mwake pokhapokha inu mutavomera ndi kusaina. Kwa munthu wa ku Chibavi kapena Luwinga amene mwina sadzakweranso ndege kwa zaka zitatu, vocha yotha ntchito pakapita miyezi ndi pepala chabe. Sindinadine chilichonse.

Hotelo anandipatsa ya usiku umodzi wokha. Lachitatu ndinabwerera pa bwalo kukafunsa za usiku wachiwiri, koma kauntala yawo inali yotseka mpaka madzulo, ndipo foni yawo sinkayankhidwa. Ndinajambula kauntala yotsekayo, n'kulipira ndekha ndi khadi limene mwana wanga anandipatsa: 96 yuro chipinda, 41 yuro chakudya cha masiku awiri, 18 yuro galimoto. Zonse pamodzi 155. Amabweza zimene zili zoyenera, choncho sankhani hotelo wamba yapafupi ndi chakudya wamba, mowa ayi. Pemphani risiti yosonyeza tsiku ndi chimene mwagula. Kapepala kotuluka m'kamakina ka khadi sikakwanira, chifukwa kamangosonyeza ndalama. Marisiti amenewa amafufutika msanga m'chikwama, ndiye ajambuleni tsiku lomwelo.

Kulemba pempho

Lembani mukadali kunja ngati mungathe, pamene intaneti ili yamphamvu ndipo wokuthandizani Chingerezi ali pafupi. Ine ndinalemba Lachitatu usiku mu hotelo, n'kudzawonjezera nthawi yeniyeni yofikira nditatera.

Pempho limapita ku kampani imene imayendetsa ndegeyo. Silipita kwa ejenti, komanso nthawi zina silipita kwa kampani imene dzina lake lili pamwamba pa tikiti. Yang'anani pa tikiti pamene palembedwa `operated by`, ndipo dzina lotsatira pamenepo ndilo lolilembera. Pa tsamba lawo la pa intaneti pamakhala fomu ya madandaulo. Adzafuna `Booking reference`, yomwe ndi zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi, ndi nambala ya tikiti ya manambala 13. Pa mutu ndinalemba motere:

```
Claim under EC 261/2004: EUR 600 compensation + EUR 155 expenses
```

Kalatayo ikhale yaifupi. Yanga yoyamba inali ya masamba awiri, yofotokoza kutopa kwanga, mapazi otupa ndi msonkhano wa mvano umene ndinaphonya. Mkamwini wanga anaiwerenga n'kunena kuti, "Amayi, zonsezi n'zoona, koma wowerengayo akufuna zinthu zisanu zokha." Zinthu zake ndi izi: dzina monga liliri pa pasipoti, nambala ndi tsiku la ndege yothetsedwa, nthawi imene munauzidwa, nthawi imene munayenera kufika ndi imene munafikadi, ndi ndalama imene mukufuna. Ndalama ziwirizo zilembeni padera, chipukutamisozi pachokha, zowonongedwa pazokha ndi risiti iliyonse pamzere wake. Mukaziphatikiza akhoza kubweza 155 yokha n'kunena kuti ayankha. Malizani ndi kunena kuti mukufuna ndalama ku banki osati vocha, ndipo perekani masiku 14 oti ayankhe. Mukatumiza, sungani nambala ya dandaulo imene atumize pa imelo.

Fomu yambiri imafunsa `IBAN`, ndipo apa ndi pamene Amalawi timakakamira, chifukwa mabanki athu sagwiritsa ntchito nambala imeneyo. Ife timapereka nambala ya akaunti, dzina la banki ndi nthambi, ndi `SWIFT` ya bankiyo, yomwe angakuuzeni ku nthambi yanu ya ku Mzuzu. Ngati fomu ikukana kupitirira popanda `IBAN`, lembani zimenezi m'bokosi la uthenga kapena pa imelo. Dziwani kuti ndalama ikalowa mu akaunti ya makwacha, banki imaisintha pa mtengo wake wa tsiku limenelo, ndipo mabanki a panjira amadulako yawo. Ine ndinasankha kuti ilowe mu akaunti ya mwana wanga ku Jeremani, popeza ndinali ndi ngongole ya khadi lake lija komanso ndinkadziwa kuti ndidzabweranso. Anafuna kalata yosainidwa ndi ine yovomereza zimenezo, pamodzi ndi chithunzi cha pasipoti. Chitani izi ndi munthu yekhayo amene mumamukhulupirira.

Akakana

Yankho loyamba linabwera patatha milungu inayi, nditafika kale kwathu. Anavomera 155 yuro, koma za 600 anati ulendowo unathetsedwa chifukwa cha `extraordinary circumstances`, osanena kuti zinali zotani. Mtima unandigwa, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanasiyira pomwepo.

Koma si inu woyenera kutsimikiza kuti vuto linali lawo. Lamulo limati kampaniyo ndiyo iyenera kuonetsa umboni kuti chinachitikacho sichinali m'manja mwake, ndiponso kuti inayesetsa kupewa. Kuyambira mu 2008 khoti la EU linanena kuti kuwonongeka kwa makina kumene kumabwera pa kayendetsedwe ka ndege ka tsiku ndi tsiku si chifukwa chokanira kulipira. Sitiraka ya antchito a kampani yomweyo nayonso si chifukwa, malinga ndi chigamulo cha mu 2021. Zimene zimawamasula ndi monga nyengo yoipa kwambiri, mbalame kulowa mu injini, sitiraka ya oongolera ndege mlengalenga, kapena nkhani za chitetezo. Njira ina yodziwira ndi kuona ngati ndege zina zinkanyamuka usiku umenewo. Pa chithunzi changa cha bolodi, ndege zonse za pamwamba ndi pansi pa yanga zinali pa nthawi yake.

Kalata yachiwiri inali ya mizere isanu ndi umodzi. Ndinawapempha anene chimene chinachitika ndi kupereka umboni wake, ndinaikapo kapepala ka pa kauntala kaja ndi chithunzi cha bolodi, ndipo ndinawauza kuti akapanda kulipira ndikadandaula ku bungwe loyanjanitsa. Ku Jeremani kuli bungwe lotchedwa Schlichtungsstelle Reise & Verkehr, lomwe limamva madandaulo a apaulendo kwaulere kampani ikakana kapena ikakhala miyezi iwiri osayankha. Limalandira za maulendo a munthu payekha, osati a ntchito, ndipo makampani amene sali m'bungwelo nkhani zawo zimapita ku ofesi ya boma ya Bundesamt für Justiz. Dziko lililonse la EU lili ndi ofesi yoyang'anira lamuloli, ndipo mumapita ku ya dziko limene munanyamukira. Ine sindinafike kumeneko. Patatha milungu ina isanu, 600 yuro inalowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake n'kolemba tsiku pa kalendala ndi kukumbutsa likakwana.

Palinso makampani apa intaneti amene amakutsatirani nkhaniyi n'kudulako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Maganizo anga ndi akuti muyambe nokha, chifukwa makalata awiri sayenera 200 yuro. Apatseni pokhapokha mwakanidwa kawiri ndipo mulibe wokuthandizani.

Za hotelo ndi basi za kwathu

Chipinda cha ku Lilongwe ndi tikiti ya basi sizili m'gulu la zosamalira zija, ndipo sindinavutike kuzipempha ku kampani ya ndege. Ndinaimbira malo ogonawo Lachitatu m'mawa, tsiku lofikira lisanadutse, n'kupempha kuti angosuntha tsiku. Anavomera, ndipo ndinawapempha anditumizire uthenga wotsimikiza. Kupempha kusuntha kumayenda bwino kuposa kupempha kubwezeredwa. Ya basi ndinaiwala, ndipo inapita.

Ngati ndi hotelo imene yathetsa malo anu inu mutalipira, palibe mtengo woikika ngati wa ndege. Chimene mumapempha ndi ndalama yanu yonse, kapena chipinda chofanana kwina iwo n'kulipira kusiyana kwa mtengo. Onetsani uthenga wotsimikiza malo ndi nambala ya malipiro, ngakhale munatumiza pa foni, ndipo pemphani alembe kuti athetsa ndi iwo. Ngati munasungitsa kudzera pa tsamba la pa intaneti, imbirani a tsambalo musanalipire kwina, ndipo musadine nokha batani lothetsa ngakhale a hotelo atakuuzani kutero, chifukwa zidzaoneka ngati mwathetsa ndi inu.

Achemwali a mnzanga wa kwaya uja ankaopa kuti achedwa, popeza papita mwezi. Sanachedwe. Nthawi yopempha imasiyana ndi dziko: ku Jeremani ndi zaka 3, ndipo ku Ireland ndi zaka 6. Ndinawafunsa ngati anasaina chilichonse ku Dublin, ndipo anati anangolandira kavocha ka tiyi ndi buledi. Chiphaso chokwerera chakale anachipeza m'Baibulo mwawo, pamene anachiika ngati chosungira tsamba. Anditumizira zithunzi zake dzulo, ndipo madzulo ano ana akagona, ine ndi mwana wanga tiwalembera kalata yawo.